Uchi, zakumwa zofunda ndi kukhosi koyabwa: mafunso ndi mayankho

Ikafika Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba, nyumba zambiri zimadzuka ndi munthu wosasa mawu. Chisanu chikangotha pamabwera fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala, nalonso silisiya kukhosi pamtendere. Ndi nthawi imene botolo la uchi limatsika pashelefu. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera pa nkhaniyi, ndipo lina mwa iwo, la makanda, ndalipatsa malo aakulu dala.

Kodi uchi umachizadi zilonda zakukhosi?

Umatonthoza, suchiza. Kuyabwa ndi kuwawa kwa kukhosi nthawi zambiri kumabwera ndi mavairasi a chimfine, ndipo thupi limawagonjetsa lokha pakatha pafupifupi sabata imodzi, mudye uchi kapena musadye. Chimene uchi umachita n'kuchepetsa kuvutika m'masiku amenewo. Ndi wonanda, choncho pomeza umamata pakhosi pouma paja kwa kanthawi. Kutsekemera kwake kumatulutsa malovu ambiri, kukhosi n'kunyowa, ndipo kakuyabwa kamene kamakutsokomoletsani kamayamba kazizira.

Pa chifuwa cha usiku m'pamene pali umboni wooneka. Mu 2007 madokotala a ku Pennsylvania, m'dziko la Amereka, anayesa ana 105 odwala chimfine. Ena anawapatsa uchi asanagone, ena mankhwala a chifuwa a m'botolo, ena sanawapatse kanthu. Makolo a ana amene analandira uchi ndiwo ananena kuti chifuwa chinachepa kwambiri ndipo tulo tinabwera. Mu 2012 ku Israeli anabwereza ndi ana 300 a chaka chimodzi mpaka zaka 5, zotsatira zake n'kufanana. Kusiyanako si kwakukulu kodabwitsa ayi. Mwana samadzuka atachira. Amangotsokomola mocheperako, iye ndi amayi ake n'kupezako tulo. Kwa munthu amene wachezera usiku awiri akumvera mwana akutsokomola, chimenecho n'chachikulu ndithu.

Anthu amakonda kunena kuti uchi umapha tizilombo. Pachilonda cha pakhungu, pamene uchi umakhala maola ambiri, mawuwo ali ndi pomwe agwira. Kukhosi umangodutsa, malovu n'kuutsuka m'mphindi zochepa. Musauwerengere ngati penisilini.

Ndimwe wochuluka bwanji, nanga ndiupange bwanji?

Muyeso wake ndi sipuni ya tiyi, yaing'ono ija, osati yodyera phala. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 amukwanira theka la sipuniyo. Wa zaka 6 mpaka 11, sipuni imodzi. Kuyambira zaka 12 ndi akuluakulu, masipuni awiri. Ngati vuto ndi chifuwa cha usiku, perekani patatsala theka la ola kuti munthu agone.

Mukhoza kungonyambita pasipuni, kapena kusungunula m'theka la kapu ya madzi ofunda, n'kufinyiramo kachidutswa ka ndimu. Theka la kapu, chifukwa sipuni imodzi m'chikapu chodzaza imasanduka madzi otsekemera chabe, kunanda kuja kwatha. Ine ndimakonda kumwa tiyi wanga kaye, uchiwo n'kunyambita pamapeto, kuti ukhale chomaliza kudutsa kukhosi. Ana asukusule m'kamwa kapena atsuke mano akatha, poti uchi ukagona pamano umawabowola monga shuga wina aliyense.

Ndimu musachulutse. Pakhosi pakakhala pofiira pamabaya, ndipo amene ali ndi vuto la kutentha pamtima limamuwonjezera. Jinja ngabwino kwa amene amamukonda, koma kwa mwana wamng'ono kuwawa kwake kumangomuliritsa.

Chakumwacho chizikhala chotentha kwambiri kuti chigwire ntchito?

Ayi. Chofunda, chimene mungamwe mosapuliza. Kufundako kumathandiza malovu ndi mamina kuyenda, kukhosi kumafewa, ndipo madzi amene mwamwawo amabwezeretsa amene thupi likutaya. Kutentha kopitirira pamenepo kumangowotcha pamalo pamene pali kale chilonda.

Pali chifukwa china chimene ife a kuno tiyenera kuchilabadira. Mu 2016 nthambi yofufuza za khansa ya Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse inaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa ya kummero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri. Nkhani yake ndi ya chizolowezi cha zaka zambiri, si kapu imodzi ya lero. Komabe tiyi wongophulidwa kumene, womwa mofwinthula milomo ikupsa, musiyeni akhale mphindi zingapo. Donthezani pang'ono kuseri kwa dzanja musanapatse mwana.

Ndipo ena kukhosi kwawo kumakonda zozizira. Ngati madzi a mumtsuko akukupatsani mpumulo kuposa tiyi, imwani amenewo. Saonjezera matenda.

Ndani sayenera kupatsidwa uchi mpang'ono pomwe?

Mwana aliyense amene sanakwanitse chaka chimodzi. Apa palibe zoti kadontho kokha, zoti n'ngwachilengedwe, kapena zoti wachokera kumng'oma wa amalume. Osamunyambititsa pachala, osapaka pansonga ya bere kuti ayamwe, osathira m'phala, osasakaniza ndi mankhwala azitsamba, osapaka pankhama mano akamamera.

Chifukwa chake ndi matenda otchedwa botulizimu ya makanda. M'dothi ndi m'fumbi mumakhala mtundu wina wa bakiteriya amene zinthu zikamuvuta amadzitsekera m'kachikhokho kolimba, n'kugona ngati njere yodikira mvula. Njuchi zimatenga timbewu timeneti pamodzi ndi fumbi ndi mungu, tina n'kuthera mu uchi. Mu uchimo sitimera, poti shuga ndi wochuluka ndipo madzi ndi ochepa. Timangokhala. Munthu wamkulu kapena mwana wokulirapo akatimeza, timadutsa m'mimba osachita kanthu, chifukwa m'matumbo mwake muli kale khamu la mabakiteriya abwino amene satipatsa malo. M'matumbo mwa khanda khamu limenelo silinakhazikike. Timbewu tija timapeza munda wopanda mwini, timamera, timaswana, n'kuyamba kutulutsa poizoni. Poizoniyo amatseka uthenga wochoka m'mitsempha kupita kuminofu, ndiye minofu imalefuka, kuyambira kumutu kutsikira m'munsi, mpaka ija yopumira.

Madokotala anawazindikira matendawa mu 1976 ku California, ndipo pasanapite nthawi anapeza timbewu tomweto mu uchi umene ena mwa anawo anadyetsedwa. Ndi matenda osowa, tisanamizane. Mabotolo ambiri a uchi alibe timbewuti, ndipo ana ena amadwala osalawapo uchi, atangotenga kufumbi. Koma fumbi simungalichotse padziko, pamene uchi mungathe kungousiya pashelefu. Botolo lokhala ndi timbewu silisiyana ndi linzake maonekedwe, fungo kapena kakomedwe. Ambiri mwa ana amene amadwala amakhala osakwana miyezi 6, koma malire anaikidwa pa miyezi 12 chifukwa matumbo a ana sakhwima tsiku limodzi.

Nanga ndikauwiritsa kaye, kapena kuuphikira m'phala?

Sizithandiza. Apa m'pamene anthu osamala amalakwira, chifukwa tinazolowera kuti chowiritsa n'chotetezeka. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo timbewu tija timapirira kutentha kumeneko kwa maola. Kuti tife pamafunika madigiri pafupifupi 121, amene amapezeka m'makina otsekeka a kufakitale yoika chakudya m'zitini, osati pambaula kapena pamafuwa. Phala likhoza kubwata mpaka kupserera, timbewu tili moyo.

Uchi wa m'sitolo wokhala ndi chizindikiro chokongola nawonso chimodzimodzi. Kumeneko amaufunditsa ndi kuusefa kuti uchedwe kuuma ndi kusasa, koma kutentha kwake sikufika popha timbewuti. N'chifukwa chake mabotolo ambiri ochokera kunja amalembedwa kuti osapatsa mwana wosakwana chaka. Wa pamsewu wa m'botolo la sobo ulibe polemba, koma lamulo ndi lomwelo.

Agogo amunyambititsa kale dzulo. Nditani?

Choyamba, mtima m'malo. Mwayi waukulu ndi woti sipachitika kanthu. Musamusanzitse, musamupatse mankhwala otsegula m'mimba, musamumwetse madzi ambiri poganiza kuti mutsuka. Pitirizani kuyamwitsa monga mwa masiku onse, lembani tsiku limene analawa, ndipo muzimuyang'anira kwa mwezi wathunthu, chifukwa zizindikiro zimatha kuoneka pakati pa masiku 3 ndi 30.

Chimene chimayamba kawirikawiri ndi kudzimbidwa, masiku atatu kapena kuposa osachita chimbudzi. Kudzimbidwa pakokha si umboni, ana oyamwa bere lokha ena amatha masiku angapo bwinobwino. Yang'anani zimene zikubwera nako. Mwana amene amakoka bere mwamphamvu wayamba kungoligwira, akuyamwa pang'ono n'kusiya, mkaka ukutayikira m'mbali mwa kamwa, amayi n'kumamva mabere atadzaza. Kulira kwake kwasanduka kofooka, kotsika. Zikope zikugwa ngati ali ndi tulo tosatha, nkhope siikusintha ngakhale mumuseke. Dovu likuchuluka chifukwa akulephera kumeza. Khosi limene linalimba kale layambanso kugwa, ndipo mukamunyamula akungolendewera ngati nsalu yonyowa.

Chonyenga chake n'choti thupi nthawi zambiri silitentha. Tinazolowera kuyeza kudwala kwa mwana ndi dzanja pachipumi, ndiye mwana wozizira bwino, wosavuta, wongogona, amaoneka ngati wangotopa. Mukaona zizindikiro zimenezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo kanene mosabisa kuti, "Mwanayu analawa uchi tsiku lakuti." Mawu amenewo amathandiza dokotala, chifukwa mwana wolefuka amayamba waganiziridwa malungo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Kuchipatala amamudyetsa kudzera m'kapaipi ndi kumuthandiza kupuma mpaka mitsempha itabwerera, zimene zimatenga masabata. Ana ambiri amene afika msanga amachira kotheratu.

Za agogowo, musawakalipire. Anachita mwachikondi, ndipo adzakuuzani zoona kuti analera ana asanu ndi awiri onse analawa uchi. Poti matendawa ndi osowa, mawu awowo sakutsutsana ndi zimene tanenazi. Kunena kuti, "Amayi, kusikelo atiletsa uchi mpaka akwanitse chaka, akuti matumbo ake sanakhwime," kumayenda bwino kuposa kukangana za amene akudziwa kulera. Ngati ndi apongozi, mwana wawo ndiye akanene. Auzeninso onse amene amatsala ndi mwanayo masana, kuphatikizapo azikulu ake, amene amakonda kugawana naye chilichonse chili m'manja.

Ndiye khanda likamatsokomola ndilipatse chiyani?

Bere. Wosakwana miyezi 6 safunika china chilichonse, ngakhale madzi, tiyi kapena ndimu. Muyamwitseni pafupipafupi, pang'onopang'ono. Nthawi zambiri chimene chimamulepheretsa kuyamwa ndi mphuno zotsekeka, choncho mupukuteni mamina ndi kansalu kofewa konyowa asanayambe. Amene wapitirira miyezi 6 apitirize bere ndi phala lake, n'kuonjezera timadzi taukhondo tofunda. Mutalikitseni ku utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa fodya. Mankhwala a chifuwa a m'botolo ogula pagolosale si a makanda.

Werengani kapumidwe kake ali phee, kwa mphindi yathunthu. Kupuma ka 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, n'chizindikiro cha chibayo. Chimodzimodzi ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya. Zimenezo n'zakuchipatala, ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi musadikire n'komwe.

Ndine woyembekezera, mnzanga akuyamwitsa. Ifenso tiusiye?

Idyani. Matumbo anu ndi a munthu wamkulu, timbewu tija sitimeramo, ndipo matendawa sadutsa mumkaka wa m'mawere. Chongosamala ndi manja ndi sipuni: mukatha kunyambita, sambani musanagwire kukamwa kwa mwana kapena bere. Amene anauzidwa kusikelo kuti shuga wawo wakwera chifukwa cha pakati awerenge yankho lotsatirali.

Odwala matenda a shuga bwanji? Paja amati uchi ndi wachilengedwe.

Mzimbe nawonso ndi wachilengedwe. Pa magawo 100 a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga, otsalawo ambiri ndi madzi. Sipuni ya tiyi imodzi ili ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 6, woposa amene ali m'sipuni yomweyo ya shuga wa m'paketi, chifukwa uchi ndi wolemera. Uchi si woletsedwa kwa iwo monga ulili kwa khanda, koma uwerengedwe ngati shuga. Sipuni imodzi madzulo kwa munthu amene shuga wake akuyenda bwino si nkhani yaikulu. Makapu asanu patsiku, iliyonse masipuni awiri, pa nthawi imene kudwala kwakweza kale shuga m'magazi, ndi nkhani ina.

Iwowa ali ndi njira ina yosalira ndalama: theka la sipuni ya tiyi ya mchere m'kapu ya madzi ofunda. Vumatani, kwezani mutu kuti madziwo afike kukhosi, atokoseni ndi mpweya kwa kanthawi, lavulani. Katatu kapena kanayi patsiku. Ana aang'ono amene sadziwa kulavula asachite.

Gulu lina ndi la anthu amene anatupapo milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika atadya uchi kapena zisa. Ndi ochepa, koma amenewo ausiyiretu.

Mungapereke chitsanzo cha m'nyumba imodzi?

Tiyerekeze banja lina mu Julayi, chimfine chalowa m'nyumba, onse akudandaula kukhosi, ndipo pali botolo limodzi la uchi.

Bambo a zaka 45 ali pa mankhwala a shuga, mawu asasa, mphuno zikuchucha. Iwowa madzi a mchere masana, tiyi wofunda wopanda shuga, ndipo ngati chifuwa chikuwalanda tulo, sipuni imodzi ya uchi pogona, osabwereza.

Mtsikana wa zaka 4 akutsokomola usiku, mamina ali mbwee, koma masana akusewera ndipo akudya. Theka la sipuni asanagone, asukusule m'kamwa, basi. Chifuwa chotere chimatha kukhalapo sabata ziwiri kapena zitatu chikuchepa pang'onopang'ono.

Khanda la miyezi 8 likufwenthera, likulira poyamwa. Ilo bere, kupukuta mphuno, kuwerenga kapumidwe. Sipuni ya mkulu wake isafike kukamwa kwake.

Tsopano mnyamata wa zaka 9. Iyeyu sakutsokomola, mphuno zili zouma. Kukhosi kunayamba kuwawa mwadzidzidzi dzulo, thupi latentha, akukana nsima chifukwa kumeza kukupweteka. Mukamuunika ndi tochi ya foni akunena kuti "aaa", tinyama tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi tatupa, tafiira, tili ndi timadontho toyera ngati mafinya. Pansi pa chibwano pali mwanabere wopweteka mukakhudza. Pa anayiwa, ameneyu ndiye wosaoneka ngati wachimfine, ndipo ndi amene ayenera kupita kuchipatala. Uchi amwe ndithu kuti apezeko bwino, koma paulendo wopita kumeneko.

Chifukwa chiyani mnyamatayo yekha?

Chifukwa zizindikiro zake zikuloza kwa bakiteriya wotchedwa sitirepu, amene amakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Kukhosi kwa sitirepu nakonso kumapola kokha pakatha masiku angapo, ndipo pamenepo m'pamene pali msampha: banja limayamika uchi, nkhani n'kutha. Koma mwa ana ena, patapita sabata ziwiri kapena zitatu, chitetezo cha thupi chimene chimalimbana ndi bakiteriyayo chimatembenukira mwini wake. Mawondo ndi akakolo amatupa, ululu n'kumasamuka mfundo ina kupita ina, ndipo zitseko za mumtima zimayamba kuonongeka. Zikabwerezedwa kangapo, mwanayo amadzakula ndi mtima wofooka, wobanika akangokwera kachitunda. Matenda a mtima amenewa kumayiko olemera anasowa, koma kuno kwathu akadali ofala pakati pa ana ndi achinyamata.

Choteteza chake n'chotsika mtengo: penisilini, jakisoni mmodzi kapena mapiritsi a masiku 10. Masiku 10 onse, ngakhale mwana atayamba kusewera pa tsiku lachitatu. Makapisozi awiri ogula pamsika sagwira ntchito imeneyi, komanso kwa ena atatu aja, amene vuto lawo ndi vairasi, sawathandiza chilichonse. Pa ululu ndi kutentha thupi mupatseni panado pa muyeso wa msinkhu wake. Asipirini si wa ana osakwana zaka 16. Ndipo poti thupi latentha, kuchipatalako akamuyezanso malungo.

Ndi liti pamene munthu wamkulu asiye za uchi n'kupita kuchipatala?

Nthawi yomweyo ngati akubanika, akulephera kumeza ngakhale malovu, kukamwa kukukanika kutseguka, kapena mbali imodzi ya kukhosi yatupa kwambiri mawu n'kumamveka ngati wavumata mbatata yotentha. Zimenezi zimasonyeza chithupsa kapena kutupa kumene kungatseke njira ya mpweya.

Zina si zothamangira usiku koma si zozengereza. Kukhosi kopweteka kupitirira sabata. Chifuwa chofika sabata ziwiri, makamaka ndi thukuta la usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, chimene chimafuna kuyezetsa chifuwa chachikulu. Zoyera ngati mkaka wogona palilime ndi m'masaya pamodzi ndi ululu pomeza, zimene zimaoneka chitetezo cha thupi chikatsika. Mawu osasa kwa sabata zitatu, makamaka kwa wosuta. Ndipo nsima ikayamba kuima pachifuwa, munthu n'kumaikankha ndi madzi, kenako n'kusamukira kuphala, limenelo si vuto la chimfine ngakhale pang'ono.

Uchi wanga wauma ngati mchenga. Andigulitsa wa shuga?

Kuuma si umboni wa chinyengo. Uchi weniweni umachita timiyala, makamaka m'miyezi yozizira, ndipo wa maluwa ena umafulumira kuposa wina. Ikani botolo m'madzi ofunda, usungunuka. Wokayikitsa ndi wamadzimadzi, wochita thovu pamwamba, wonunkha ngati mowa, chitsekero n'kumachita phuu potsegula. Umenewo unafulidwa usanakhwime kapena unathiridwa madzi, ndipo wayamba kusasa. Wakuda kapena woyera, wa ku Mzuzu kapena wa ku Mulanje, kukhosi sikusankha. Sungani botolo lotseka bwino, tungani ndi sipuni youma, ndipo ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, liikeni pamwamba pomwe mkulu wake wa zaka zinayi uja sangafikire.